Hatchi imodzi, malipiro awiri: momwe thumba la thoti limagawira ndalama

Loweruka loyamba la mwezi wa Julaye chaka chilichonse, maso a anthu okonda mahatchi ku South Africa amakhala pa bwalo la Greyville mumzinda wa Durban. Ndi tsiku la Durban July, mpikisano umene unayamba mu 1897 ndipo lero umathamangidwa pa mtunda wa mamita 2,200. Tsiku limeneli amabetcha ndi anthu omwe chaka chonse sayandikira hatchi, ndipo mpikisano ukatha pamachitika chinthu chimene chimazunguza mutu alendo ambiri. Anthu awiri asankha hatchi imodzimodzi, aliyense waikapo R50, hatchiyo yapambana, koma wina akulandira R350 pomwe mnzake akulandira R220. Palibe amene waberedwa. Anabetcha pa mawindo awiri osiyana, ndipo mawindo amenewa amawerenga ndalama m'njira ziwiri zosiyana kotheratu.

Njira yoyamba ambiri kuno kwathu timaidziwa kale chifukwa cha kubetcha pa mpira. Kampani yobetchetsa imalemba mtengo wake, umene achinyamata amautchula kuti maodzi. Ikalemba 7.00 ndipo inu mwaika R50, tikiti yanu yamanga pangano: hatchi ikapambana mulandira R350, kuphatikizapo R50 yanu ija. Mtengo ukhoza kutsika kapena kukwera inu mutachoka pa windo, koma zimenezo sizikukukhudzani. Mukupikisana ndi wobetchetsayo. Mukapambana, ndalama zichoka m'thumba mwake.

Njira yachiwiri ndi ya thoti, ndipo ndiyo ndikufuna tiionetsetse, chifukwa ambiri amailowa ali ndi maganizo a njira yoyamba ija. Pa thoti palibe amene amakulonjezani mtengo. Ndalama zonse zimene anthu abetcha pa mpikisano umodzi zimasonkhanitsidwa m'thumba limodzi. Eni thoti amadulapo gawo lawo, ndipo zotsalazo amagawira okhawo amene anasankha hatchi yopambana, aliyense molingana ndi ndalama imene anaika. Amene anakhalapo pa tsiku logawana ndalama za banki nkhonde amvetsa msanga: wamasheya ambiri amatenga zambiri, ndipo mtengo wa sheya imodzi umadziwika pokhapokha bokosi likatsegulidwa ndi kuwerengedwa. Kusiyana kwake nkwakuti ku thoti amene anasankha hatchi yolakwika sapeza kanthu, ndipo ndalama zawo ndi zimene opambana akugawanazo.

Kumene zinachokera

Njira imeneyi inayambira ku Paris m'zaka za m'ma 1860. Anaiyambitsa ndi Joseph Oller, wamalonda wobadwira ku Catalonia, yemwenso pambuyo pake, mu 1889, anali mmodzi mwa otsegula nyumba ya zisangalalo yotchuka ya Moulin Rouge. Mu 1891 boma la France linakhazikitsa lamulo lopereka kubetcha kwa mahatchi m'manja mwa mabungwe oyendetsa mipikisano kudzera m'njira ya thumbayi, ndipo obetchetsa oima paokha anatsekeredwa kunja. Bungwe la PMU, limene linatsegula njira yoti anthu azibetcha ali kutali ndi bwalo, linabwera mu 1930 ndipo lilipo mpaka lero.

Vuto la masiku oyambirirawo linali kuwerengera. Matikiti zikwizikwi ankawonkhetsedwa pamanja, anthu akudikira. Amene anathetsa vutoli ndi injiniya George Julius, yemwe anayamba ndi kukonza makina owerengera mavoti. Makinawo atakanidwa pa ntchito ya zisankho anawasandutsa owerengera mabetcha, ndipo anaikidwa koyamba pa bwalo la Ellerslie ku Auckland, New Zealand, mu 1913. Britain inakhazikitsa thoti yake mu 1928, ngakhale kuti kumeneko obetchetsa a mtengo wokhazikika sanachoke ndipo ndiwo amphamvu mpaka lero. Ku Hong Kong ndi ku Japan kubetcha kwa mahatchi kumayendera thumba, chimodzimodzinso pafupifupi konse ku America. Ku South Africa njira ziwirizi zimayendera limodzi, nchifukwa chake dzikoli ndi malo abwino oonerapo kusiyana kwake.

Maboma ndi eni mabwalo anaikonda thoti pa chifukwa chimodzi chachikulu. Mwini thumba alibe naye ntchito wopambana. Kaya ipambane hatchi yokondedwa ndi aliyense, kaya yonyozeka, gawo lake ladulidwa kale mahatchi asananyamuke. Alibe chifukwa chofunira kuti hatchi ina igwe, ndipo sangaluze. Gawo lodulidwalo ndi limene limalipira msonkho, mphoto za mipikisano ndi kusamalira bwalo.

Tiwerengere limodzi

Tiyerekeze mpikisano wa mahatchi asanu ndi imodzi. Manambala awa ndawasankha kuti masamu akhale osavuta, si a mpikisano weniweni. Thumba limene tikuliona ndi lija limalembedwa kuti Win pa bolodi, kutanthauza kuti mukungosankha hatchi imene ifike poyamba. Anthu onse pamodzi aika R100,000. Tinene kuti eni thoti amadula 20 peresenti. Gawo lenileni limasiyana dziko ndi dziko komanso mtundu wa betcha. Ku Hong Kong, mwachitsanzo, pa thumba la Win amadula 17.5 peresenti. Ifeyo tikadula 20 peresenti yathu, zogawana zatsala R80,000.

Hatchi nambala 1 ndiyo yokondedwa, ndipo anthu aikapo R40,000. Nambala 2 ili ndi R20,000, nambala 3 ili ndi R16,000, nambala 4 ndi nambala 5 zili ndi R10,000 iliyonse, ndipo nambala 6, imene ambiri akuiona ngati yongoperekeza, ili ndi R4,000 yokha.

Kuti mudziwe malipiro a hatchi iliyonse, mugawe R80,000 ija ndi ndalama zimene zili pa hatchiyo. Nambala 1 ikapambana, R80,000 igawidwa pa R40,000, ndiye R1 iliyonse ibweza R2.00. Nambala 2 ibweza R4.00, nambala 3 ibweza R5.00, nambala 4 kapena 5 ibweza R8.00, ndipo nambala 6 ibweza R20.00. Masamu onse a thoti athera pomwepa. Palibe katswiri amene wakhala pansi kuganiza kuti nambala 6 iyenera kulipira R20.00. Mtengowo wapangidwa ndi khamu la anthu, ndi ndalama zawo.

Tsopano inu mwakonda nambala 4. Mwaona 8.00 pa bolodi, wobetchetsa wapafupi akupereka 7.00 yokha, ndiye mwati thoti ndiyo yabwino. Mwaika R50 yanu, imene tinene kuti ili kale mkati mwa R10,000 ija, ndipo mumtima mukuwerengera R400. Patsala mphindi imodzi kuti zitseko zitsegulidwe, munthu wina amene akuidziwa bwino hatchiyo akuponyapo R10,000. Thumba lonse lakwera kufika R110,000, ndipo zogawana zakhala R88,000. Koma ndalama za pa nambala 4 tsopano ndi R20,000. Mukagawa R88,000 ndi R20,000 mupeza R4.40. Hatchi yanu yapambana bwinobwino, koma pa windo akukupatsani R220. Mnzanu amene anatenga 7.00 kwa wobetchetsa akupita kwawo ndi R350.

Taonaninso chimene chachitikira mahatchi enawo. Ndalama yobwera mochedwayo yakweza malipiro awo onse. Nambala 1, imene imaonetsa 2.00, tsopano ikulipira 2.20. Zikanakhala kuti R10,000 ija yagwera pa hatchi ina osati yanu, inuyo mukanalandira R8.80 pa R1 iliyonse, kuposa zimene munaona pa bolodi. Nambala imene ili pa bolodi la thoti si lonjezo ayi. Imangokuuzani kuti kubetcha kukanatsekedwa pa mphindi ino, malipiro akanakhala awa. Mtengo weniweni umadziwika mahatchi atanyamuka kale.

Kodi thumba lalikulu limalipira zambiri?

Apa ndi pamene anthu ambiri amasocherera, ndipo otsatsa malonda sawabweza. Munthu akamva kuti thumba la tsiku la July lafika mamiliyoni, amaganiza kuti malipiro nawo akhala aakulu. Pa thumba la Win zimenezi si zoona. Chimene chimapanga malipiro ndi gawo la thumba limene lili pa hatchi yanu, osati kukula kwa thumbalo. Ngati gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama zonse lili pa nambala 4, hatchiyo ilipira 8.00 kaya thumba ndi la R10,000, la R100,000 kapena la R10 miliyoni. Thumba likakula, ogawana nawo amachulukanso chimodzimodzi.

Kukula kwa thumba kumagwira ntchito pena: kumaonetsa kuchuluka kwa ndalama imene mungaike musanadzigwetsere nokha mtengo. Tiyeni tiike R1,000 pa nambala 4 m'matumba atatu aja, onse akuonetsa 8.00.

M'thumba la R10 miliyoni, longa la tsiku lalikulu, hatchiyo ili kale ndi R1 miliyoni. R1,000 yanu sikumveka nkomwe, ndipo mtengo ukutsala pa 7.99. M'thumba la R100,000 mtengo ukutsika kufika cha pa 7.35, zimene munthu angazipirire. Koma talowani m'thumba la R10,000, longa la mpikisano wamkati mwa sabata pa bwalo lopanda anthu. Hatchiyo inali ndi R1,000 yokha, ndipo inu mwaiwirikiza. Thumba lakhala R11,000, zogawana R8,800, ndalama za pa hatchi R2,000. Mtengo wagwa kuchoka pa 8.00 kufika pa 4.40, ndipo wagwetsayo ndinu nomwe. Mumayembekeza R8,000, mulandira R4,400.

Tikhale kaye pa thumba laling'onoli, chifukwa lili ndi phunziro limene munthu wozolowera mtengo wokhazikika salikhulupirira mpaka ataliona. Kwa wobetchetsa, mukawirikiza ndalama yobetcha mwawirikizanso phindu. Pa thoti sizitero. Ndi R1,000 phindu lanu linali R3,400. Mukaika R2,000 mtengo ukhala 3.20 ndipo phindu likhala R4,400. Mukaika R5,000 mtengo ukhala 2.00 ndipo phindu likhala R5,000. Mukapitirira apo zinthu zimayamba kubwerera m'mbuyo. R10,000 ikupatsani phindu la pafupifupi R4,500, locheperapo kuposa la amene anaika theka lake. Ndipo munthu ataika R35,000, thumba likhala R45,000, zogawana R36,000, ndalama za pa hatchi R36,000. Hatchi yapambana, iye akungobwezeredwa ndalama yake, osapindula ngakhale tambala, pomwe hatchiyo ikanagwa akanataya yonse.

Chifukwa chake nchosavuta. Pa thoti mungapambane ndalama za oluza zokha, ndipo m'thumba limeneli oluza anaika R9,000 basi. Komanso 20 peresenti ija imadulidwa pa thumba lonse, kuphatikizapo ndalama yanu. Mukamawonjezera, mukudyetsa eni thoti kuchokera m'thumba mwanu momwe, pamene ndalama za oluza sizikuwonjezeka.

Akatswiri amaliona vutoli mwanjira ina. Tinene kuti mwaphunzira hatchi nambala 4 ndipo mukukhulupirira kuti pa mipikisano isanu yonga uwu ingapambane umodzi. Ndiye kuti mtengo uliwonse woposa 5.00 ndi wabwino kwa inu, ndipo wochepera apo ndi wotayitsa. M'thumba la R10,000, ndalama yoposa pang'ono R700 ndiyokwanira kugwetsa mtengo kufika pa 5.00. M'thumba la R100,000 pangafunike yoposa R7,000. Munthu angakhale ndi diso lakuthwa pa mahatchi, koma ngati thumba ndi lochepa, nzeru zakezo zilibe pogulitsira.

Thumba laling'ono limanamanso. Kukadali ola lathunthu mpikisano usanayambe, mukhoza kuona hatchi yabwino ikuonetsa 30.00 kungoti anthu awiri kapena atatu okha ndiwo abetcha. Mtengo umenewo sudzafika kumapeto. Chizindikiro chake nchoonekeratu: yang'anani nambala ya ndalama zonse za m'thumba, imene kawirikawiri imalembedwa pambali pa mitengo. Ikakhala yochepa ndipo mitengo ikudumphadumpha nthawi iliyonse bolodi likasintha, zimene mukuonazo musaziwerengere. Ndipo thumba lotere ndi losavuta kulipotoza dala. Mu 1964, pa bwalo la mpikisano wa agalu ku Dagenham, kufupi ndi London, gulu la anthu linadzaza mawindo a thoti kuti ena asabetche, nkumaika ndalama pa zotsatira zimene sizinali zoyembekezeka, kuti malipiro a zotsatira zimene iwo ankafuna akwere mopanda muyeso. Anzawo anali atabetcha kunja, m'mashopu amene ankalipira potsatira mtengo wa thoti. Thumba la mamiliyoni simungalichite zotere.

Mbali ya wobetchetsa

Pofika apa wina anganene kuti mtengo wokhazikika ndiye wachilungamo. Kudziwiratu malipiro ndi chinthu chabwino ndithu, ndipo munthu amene waona hatchi yabwino m'mawa, khamu lisanaizindikire, amapindula potenga mtengo nthawi yomweyo. Koma wobetchetsa nayenso amadula gawo lake, kungoti iye amalibisa mkati mwa mitengo.

Pali njira yolitulutsira poyera imene aliyense angachite pa foni. Pa hatchi iliyonse, gawani 100 ndi mtengo wake, kenaka muwonkhetse mayankho onse. Zimene mwapezazo ndi ndalama imene mungawononge kuti mubetche mahatchi onse ndi kulandira R100 kaya ipambane iti. Tiyese ndi mitengo ya thoti yathu ija: 2.00 ikupereka 50, 4.00 ikupereka 25, 5.00 ikupereka 20, ma 8.00 awiri aja 12.5 iliyonse, ndipo 20.00 ikupereka 5. Zonse pamodzi ndi 125. Mukulipira R125 kuti mulandire R100, ndipo imeneyo ndiyo 20 peresenti ija ikuonekera mbali ina. Chitani chimodzimodzi ndi mitengo ya wobetchetsa. Mukapeza 112, iye akudula zochepa kuposa thoti. Mukapeza 135, akudula zambiri. Palibe wobetchetsa amene angakusiyireni nambalayo pansi pa 100, chifukwa ameneyo atseka shopu sabata yomweyo.

Wobetchetsa alinso ndi zida zimene thoti ilibe. Popeza ndalama zikuchoka kwa iye, akhoza kukana betcha yaikulu, kulandira gawo lake lokha, kapena kuchepetsa ndalama imene kasitomala wopambanapambana amaloledwa kuika. Hatchi ina ikachotsedwa mumpikisano inu mutabetcha kale, amadulako malipiro anu potsatira malamulo, chifukwa mwayi wa otsalawo wakwera. Ku Britain lamuloli limadziwika ndi dzina loti Rule 4. Thoti sikana ndalama ya munthu, ndipo siipidwa ndi wopambana. Hatchi ikachotsedwa, ndalama zimene zinali pa iyo m'thumba la Win zimabwezedwa kwa eni ake ndipo masamu amadzikonza okha.

Pamene thoti imaoneka bwino kwambiri ndi pa mahatchi onyozeka. Wobetchetsa amaopa kulemba mtengo waukulu kwambiri, chifukwa tsiku limodzi loipa likhoza kumupweteka. Thumba silidziwa mantha, limangogawa. Pa 7 Meyi 2022, pa mpikisano wa Kentucky Derby ku Churchill Downs, hatchi yotchedwa Rich Strike inalowa mumpikisano dzulo lake lokha, ina itachotsedwa. Khamu silinaiganizire. Itadutsa Epicenter, yomwe inali yokondedwa, pafupi ndi mzere womaliza, thoti inalipira $163.60 pa tikiti ya $2. Palibe anakonza mtengo umenewo. Unachokera pa kuchepa kwa anthu amene anaikhulupirira pakati pa khamu lalikulu.

Ku mbali inayo, pa hatchi yokondedwa mopitirira muyeso, thoti imalipira zochititsa manyazi. M'madera ambiri a ku America lamulo limati tikiti ya $2 yopambana isalipidwe zochepera $2.10. Pali anthu amene amaika ndalama zankhaninkhani pa hatchi yamphamvu kwambiri kuti ingokhala pakati pa atatu oyamba, kufuna kachiwongoladzanja ka 5 peresenti kameneko. Zimayenda kangapo. Tsiku limene hatchiyo ipunthwa, phindu la mipikisano 20 limapita nthawi imodzi, ndipo ndalama zawozo zimagawidwa kwa ochepa amene anasankha mahatchi ena. Palinso kadulidwe kena kamene ambiri sakaona: malipiro amatsitsidwa kufika pa nambala yozungulira, moti 7.35 ija ingalipidwe ngati 7.30. Pa tikiti imodzi ndi masenti, pa chaka chathunthu ndi chuma. Boma la Kentucky linasintha lamulo mu 2022 kuti malipiro aziwerengedwa mpaka pa senti.

Pamene kukula kwa thumba kumakhaladi nkhani

Pali mtundu wa betcha pamene mawu oti thumba lalikulu amatanthauzadi malipiro aakulu. Ku South Africa wotchuka ndi Pick 6, pamene muyenera kupeza opambana a mipikisano isanu ndi umodzi motsatizana. Ngati mpikisano uliwonse uli ndi mahatchi khumi, njira zimene zotsatira zingabwerere ndi 1 miliyoni. Apa zimatheka kuti wopambana akhale mmodzi yekha, ndipo iye amatenga zogawana zonse. Zikatero kukula kwa thumba ndiwo malire a malipiro ake. Munthu wopeza mahatchi asanu ndi imodzi onyozeka m'thumba la R200,000 sangalandire zoposa zimene zatsala atadula, ngakhale mwayi wake unali umodzi pa miliyoni. Kubetcha kovuta chotere m'thumba lochepa ndi kudzibera.

Zimachitikanso kuti palibe amene wapeza onse asanu ndi mmodzi. Ndalama zosapambanidwazo zimasungidwa nkukaikidwa m'thumba la tsiku lina, ndipo apa pokha ndi pamene masamu a thoti amapendekera kwa wobetcha. Tiyerekeze kuti R1 miliyoni yachokera ku tsiku lapitalo, ndipo lero anthu aika R4 miliyoni yatsopano. Ngati pa betcha yotere amadula 25 peresenti, pa ndalama yatsopano patsala R3 miliyoni. Kuphatikiza ndi yakale ija, zogawana ndi R4 miliyoni, zofanana ndendende ndi zimene anthu aika lero. Tsiku limenelo gawo la eni thoti lalipidwa ndi oluza a tsiku lapita. Koma mbiri ikamveka anthu amakhamukirako. Ndalama yatsopano ikafika R10 miliyoni, zogawana zikhala R8.5 miliyoni, ndipo khamu likutayabe 15 peresenti. Thumba lakula, ubwino wake wachepa. Choyenera kuyang'ana ndi kukula kwa ndalama yotsalira ija poyerekeza ndi yatsopano, osati nambala yaikulu ya pa chikwangwani.

Popeza aliyense amathawa thumba lochepa, ndipo kuthawako kumalichepetsanso, eni mathoti anayamba kuphatikiza matumba. Ndalama yobetchedwa m'shopu ya kutali imalowa m'thumba limodzi ndi ya pabwalo. Bungwe la Hong Kong Jockey Club linapita patsogolo ndi World Pool, imene inayamba pa mipikisano ya Royal Ascot ku England mu 2019, ndipo imasonkhanitsa ndalama za m'maiko ambiri pa masiku akuluakulu, kuphatikizapo Durban July m'zaka zaposachedwa. Kwa munthu wobetcha ndalama yochulukirapo, kumeneku ndi kupuma: mtengo sugwa chifukwa cha iye.

Komatu ndalama zambiri zimaitana alenje aakulu. Matumba aakulu ndi kumene kumasewera magulu amene amagwiritsa ntchito makompyuta kuwerengera mwayi wa hatchi iliyonse. Wodziwika kwambiri ndi Bill Benter wa ku America, amene anapeza chuma chambiri pa mabwalo a Happy Valley ndi Sha Tin ku Hong Kong ndi njira imeneyi. Magulu otere amaponya ndalama zawo m'masekondi otsiriza, ataona kale pamene khamu lalakwitsa, ndipo m'malo ena amabwezeredwa gawo la ndalama zimene abetcha chifukwa cha kuchuluka kwake. Nchifukwa chake ngakhale m'thumba lalikulu mtengo wa hatchi yopambana nthawi zina umaoneka ukutsika mahatchi ali kale pa liwiro, pamene makina akumaliza kuwonkhetsa mabetcha otsiriza. Kubwezera ndalama kumeneku ine ndimakuona kuti nkosalungama. Thoti inakhazikitsidwa pa mfundo yoti aliyense m'thumba amadulidwa mofanana, ndipo wina akamadulidwa zochepa mobisa, amene akulipira kusiyanako ndi bambo wa R50 uja.

Nanga tisankhe windo liti? Ngati mwaona mtengo wabwino kwa wobetchetsa pa hatchi imene mukuganiza kuti khamu liithamangira, utengeni pompo. Ngati ndi hatchi yonyozeka pa tsiku lalikulu, thoti kawirikawiri ndiyo ingakupatseni zambiri. Ngati ndi mpikisano waung'ono ndipo ndalama yanu ndi gawo looneka la zimene zili kale pa hatchiyo, werengani kaye mtengo umene utsale inu mutaika, chifukwa umenewo ndiwo mudzalandire.

Palibe windo pa awiriwa limene limabweza kwa khamu zonse zimene khamu laika. Thumba lodula 20 peresenti likalandira R100 limabweza R80. Anthu akabetchanso R80 ija pa mpikisano wotsatira imabwera R64, kenaka R51, kenaka R41, ndipo pofika mpikisano wachisanu yatsala R33. Pulogalamu ya tsiku limodzi imakhala ndi mipikisano yoposa pamenepo. Owerenga amene muli ku Durban, ku Johannesburg kapena ku Harare kumene kuli bwalo la Borrowdale Park, mukafuna kuyesa, pitani ndi ndalama imene mwavomereza kale kuti ndi yolipirira chisangalalo cha tsikulo, osati ya lendi kapena yotumiza kumudzi. Musanaipereke pa windo la thoti, funsani kuti m'thumba muli zingati ndipo amadula zingati. Ngati palibe wokuyankhani, musabetche pamenepo.